Maakaunti a kampani yathu yakunja akukana kugwirizana mu kwacha: avereji kapena reti yotsekera?

Mwale (Salima): Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndikupempha thandizo pa kuphatikiza maakaunti a gulu la makampani. Kampani yaikulu ili kuno ku Salima, imagula ndi kugulitsa mpunga, ndipo malipoti ake imalemba mu kwacha. Ili ndi masheya 80 peresenti m'kampani yaing'ono ya zamtengatenga ku Nacala, yomwe mabuku ake ali mu madola. Tikukonzanso manambala a 2023 chifukwa maoditala atsopano sakukhutira ndi momwe anatsegulira zaka zotsatira. Balansi shiti yonse ndachulukitsa ndi reti ya pa 31 Disembala, lipoti la phindu ndachulukitsa ndi avereji. Mbali ziwirizi zikusiyana ndi K350,800,000. Imeneyi ndiiponye kuti?

Mayi Banda (Nkhotakota): Taswera bwino achimwene. Kusiyanako musakuope, kuyenera kukhalapo. Koma tisanakambe kopita, tipatseni manambala: chuma chotsala mutachotsa ngongole poyamba chaka ndi potha chaka, phindu la chaka, dividendi ngati inatuluka, ndi mareti omwe mwagwiritsa ntchito. Makamaka avereji, munaipeza bwanji?

Mwale (Salima): Zikomo amayi. Manambala ndawazunguliza kuti asavute kuwerenga. Chuma chotsala pa 1 Januwale chinali madola 500,000. Phindu la chaka madola 120,000. Dividendi ya madola 40,000 inalengezedwa ndi kulipidwa mu Ogasiti, reti ili 1,090. Potha chaka chuma chotsala ndi madola 580,000. Reti yotsegulira ndaika 1,030, yotsekera 1,700. Avereji ndaphatikiza ziwirizi n'kugawa pawiri, yatuluka 1,365.

Bambo Chirwa (Salima): Vuto lanu ndalionera patali. Simungachulukitse balansi shiti yonse ndi reti yotsekera. Malole, nyumba ndi sitoko zimakhala pa reti ya tsiku lomwe munagula. Reti yotsekera ndi ya ndalama za kubanki, okongola kwa inu ndi omwe inu mwawakongola basi. Mukakonza pamenepo kusiyanako kutsika kwambiri.

Mayi Banda (Nkhotakota): Bambo Chirwa, lamulo limenelo lilipodi, koma ndi la pa khomo lina. Limagwira pamene kampani ikulemba m'mabuku akeake chinthu chomwe yagula ndi ndalama yakunja. Kampani ya ku Salima ikagula makina opunthira mpunga ndi madola, makinawo amalowa mu kwacha pa reti ya tsiku logula ndipo amakhala pomwepo. Apo mukunena zoona, ndi ndime 23 ya IAS 21, lamulo la maakaunti lokhudza ndalama zakunja.

Nkhani ya a Mwale ndi ya ndime 39. Kampani ya ku Nacala yatseka kale mabuku ake mu ndalama yomwe imagwirira ntchito, ife tikungowasandutsa kuti awerengeke mu kwacha. Pamenepo katundu yense ndi ngongole zonse zimapita pa reti yotsekera, lole ndi ndalama za kubanki chimodzimodzi. Zolowa ndi zotuluka za chaka zimapita pa reti ya tsiku lomwe chilichonse chinachitika. Kusiyana konse kotuluka pamenepo kumapita ku OCI, gawo la phindu ndi kuluza kolembedwa padera, n'kukaunjikana mu rizevu yakeyake mkati mwa ekwiti. Sikulowa mu phindu la chaka.

Bambo Chirwa (Salima): Ndamva amayi. Koma ndiye a Mwale atitsimikizire kaye kuti dola ndiyedi ndalama yogwirira ntchito ya kampaniyo. Ikakhala kuti ndi dzanja chabe la kampani ya kuno, yosadziimira, ndalama zake zonse zikuchokera ku Salima ndi kubwerera ku Salima, ndalama yake ikhoza kukhala kwacha, ndipo njira yanga ndiyo igwire.

Mayi Banda (Nkhotakota): Apo ndiye mwakhudza penipeni, ndipo ndi funso loyenera kuyamba nalo. Komanso ku Nacala ndalama ya dziko ndi metikali. Kusunga mabuku mu madola sikupangitsa dola kukhala ndalama yogwirira ntchito.

Mwale (Salima): Mitengo yonyamulira katundu amatchaja mu madola, ndipo makasitomala ambiri si ife. Lendi ya malole ndi zolipira za padoko zilinso mu madola. Metikali ndi ya malipiro a antchito ndi tizinthu ta muofesi. Ndalama zake imasunga yokha, imangotumiza dividendi.

Mayi Banda (Nkhotakota): Pa zomwe mwanenazi dola ikuoneka kuti ikuima. Lembani zifukwa zimenezi papepala limodzi musunge mufayilo, maoditala adzazifuna.

Tsopano ku avereji yanu ya 1,365. Chaka cha 2023 panalibe nyengo yomwe reti ya Reserve Bank inali chapafupi ndi 1,365. Kuyambira Januwale reti inkakwera pang'onopang'ono, kuchoka cha m'ma 1,030 kufika 1,180. Kenako pa 9 Novembala Reserve Bank inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, reti yogulitsira n'kulumpha kuchoka pa 1,180 kufika 1,700 tsiku limodzi. Kutenga nambala ya pakati pa chiyambi ndi mapeto kuli ngati kunena kuti kwacha inkagwa mofanana mwezi uliwonse, pamene kwa miyezi khumi inali kutali ndi 1,365.

Chomwe anthu amaiwala ndi chakuti avereji si lamulo. Lamulo ndi reti ya tsiku la chochitika. Ndime 40 imangolola avereji chifukwa palibe angachulukitse invoisi iliyonse payokha, ndipo ndime yomweyo imanena kuti reti ikasinthasintha kwambiri avereji ya nyengo yonse siyenera. Chaka chomwe kwacha yagwetsedwa chotere, chiduleni pa tsiku logwalo. A Mwale, phindu la madola 120,000 lija ligaweni: lochuluka bwanji kufika pa 8 Novembala, lochuluka bwanji kuyambira pa 9?

Mwale (Salima): Madola 90,000 chigawo choyamba, madola 30,000 chigawo chachiwiri. Disembala inali yotanganidwa chifukwa cha feteleza wolowa padoko. Avereji ya chigawo choyamba ikutuluka cha m'ma 1,070, chachiwiri nditenge 1,700.

Mayi Banda (Nkhotakota): Chabwino, tiyende nawo manambala anuwo.

Potha chaka, madola 580,000 pa 1,700 ndi K986,000,000. Nambala imeneyi sisuntha, kaya musankhe avereji yanji.

Poyamba chaka, madola 500,000 pa 1,030 ndi K515,000,000, ndipo iyenera kufanana ndi yomwe inatsekera 2022. Phindu la chigawo choyamba, madola 90,000 pa 1,070, ndi K96,300,000. La chigawo chachiwiri, madola 30,000 pa 1,700, ndi K51,000,000. Phindu lonse K147,300,000. Dividendi ili ndi tsiku lake lodziwika, choncho siifuna avereji: madola 40,000 pa 1,090 ndi K43,600,000.

K515,000,000 kuphatikiza K147,300,000 kuchotsa K43,600,000 ndi K618,700,000. Kuchoka pamenepo kufika pa K986,000,000 patsala K367,300,000. Imeneyo ndiye ya ku OCI, osati K350,800,000.

Phiri (Dwangwa): Pepani ndilowerere. Bwanji osangotenga reti ya mwezi uliwonse, miyezi 12, n'kugawa ndi 12? Miyezi khumi pa 1,070 ndi iwiri pa 1,700 ikupereka 1,175. Imeneyo ikutsatira momwe chaka chinayendera, si ya chiyambi ndi mapeto ija.

Mayi Banda (Nkhotakota): Ndi yabwinoko kuposa 1,365, achimwene, koma ikadali ndi chilema. Ikuganiza kuti kampani inapanga phindu lofanana mwezi uliwonse. Apa kotala la phindu lonse labwera m'masabata asanu ndi awiri omaliza, reti itakwera kale. Onani momwe phindu limodzimodzi la madola 120,000 likusinthira nkhope. Pa 1,175 ndi K141,000,000. Podula chaka pawiri ndi K147,300,000. Pa 1,365 ndi K163,800,000. Wina akangochulukitsa ndi reti yotsekera lifika K204,000,000.

Ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tonse timvetsetsane. Pa njira zonse zinayizi balansi shiti igwirizana bwinobwino. Chomwe mwaonjezera ku phindu chachoka ku rizevu. A Mwale ndi 1,365 yawo anakweza phindu ndi K16,500,000 n'kutsitsa rizevu ndi K16,500,000 yomweyo. Zili ngati kutapa mpunga m'thumba lina n'kuthira m'linzake, onse ali pa sikelo imodzi: sikelo siikuuzani kanthu. Koma banki yomwe inakukongozani imayang'ana phindu, bonasi ya mabwana imayang'ana phindu, eni masheya amayang'ananso phindu. Choncho kugwirizana kwa balansi shiti si umboni wakuti reti mwasankha bwino.

Mwale (Salima): Ndiye umboni wake ndi uti, amayi? Chifukwa rizevuyo ndikungoipeza pochotsera, chilichonse chotsala ndikuponya mmenemo.

Mayi Banda (Nkhotakota): Ndiye chake choopsa. Invoisi yoiwalika, dividendi yolowa kawiri, ngongole ya pakati pa makampani yosafafanizika, zonse zimabisala mu nambala yotsalayo. Muiwerengere padera, osayang'ana balansi shiti, kenako muyerekeze. Chinthu chilichonse muchulukitse ndi mtunda wochoka pa reti yomwe chinalowera kufika pa reti yotsekera:

```
500,000 x (1,700 - 1,030) =  335,000,000
 90,000 x (1,700 - 1,070) =   56,700,000
 30,000 x (1,700 - 1,700) =            0
-40,000 x (1,700 - 1,090) =  -24,400,000
                             367,300,000
```

Yafanana ndi ija tinapeza pochotsera. Zikasiyana ngakhale ndi pang'ono, pali china chomwe chinasuntha ekwiti ya kampani yaing'ono chomwe simunachione. Kawirikawiri amakhala masheya atsopano, kapena zokonza za maoditala a uko zomwe zinalowa mu phindu losungidwa inu mutalandira kale manambala a chaka chatha.

Koma dziwani malire ake. Mayeso amenewa amagwira zosowa ndi zolowa kawiri. Sagwira avereji yolakwika, chifukwa mukaika 1,365 mbali zonse ziwiri zigwirizanabe pa K350,800,000. Avereji imayesedwa ndi funso lina: kodi ikupereka pafupifupi zomwe mukanapeza mutachulukitsa chochitika chilichonse pa reti ya tsiku lake? Tengani mzere wa zogulitsa, muchulukitse mwezi ndi mwezi, muyerekeze ndi zomwe avereji ya chaka ikupereka. Kusiyana kukakhala kwakukulu, avereji ya chakayo yagwa.

Nachisale (Senga Bay): Ine ndiwonjezere za kadulidwe. Musagawe phindu lokha, gawani mzere uliwonse. Zogulitsa, mafuta, malipiro, dipulesiyeshoni, chiwongoladzanja, chilichonse chili ndi nyengo yake. Pemphani tirayo balansi ya mwezi ndi mwezi kuchokera ku Nacala, ndipo ya Novembala aidule pa 8. Ngati muli ndi mareti a tsiku ndi tsiku mu Excel, masiku ali mu kolamu A ndipo mareti ali mu kolamu B, avereji ya chigawo choyamba imatuluka chonchi:

```
=AVERAGEIFS(B:B,A:A,">="&DATE(2023,1,1),A:A,"<="&DATE(2023,11,8))
```

Chinthu chachikulu chochitika kamodzi, monga kugulitsa lole kapena kufafaniza ngongole ya kasitomala wamkulu, muchichotse mu avereji, chipite pa reti ya tsiku lake. Zomwe zimalembedwa kumapeto kwa chaka, monga msonkho ndi bonasi ya chaka chonse, muzisamale. Zinalembedwa pa 31 Disembala koma zinapangika chaka chonse, ndiye kuziunjika zonse pa 1,700 kutsitsa phindu molakwika. Muzigawe potsatira nyengo yomwe zinapangikira.

Gondwe (Chipoka): Funso langa likufanana ndi limeneli. Tili ndi akaunti ya madola kubanki kuno, munali madola 20,000 pamene kwacha inkagwa. Ndiye phindu la reti limenelo ndiliike ku OCI monga mwaneneramu?

Nachisale (Senga Bay): Ayi bambo Gondwe. Akauntiyo ndi ya kampani yanu yomwe, yomwe imagwira ntchito mu kwacha. Mumaisandutsa pa reti yotsekera, koma kusiyana kwake kumalowa mu phindu la chaka. OCI yomwe tikukamba pano ndi ya kusandutsa mabuku athunthu a kampani ina yomwe ili ndi ndalama yakeyake.

Gondwe (Chipoka): Zikomo achemwali, ndamva.

Mwale (Salima): Ndasintha, zatuluka K367,300,000 mbali zonse. Tsopano chavuta ndi tebulo la katundu wokhalitsa. Poyamba chaka, kuphatikiza zogula, kuchotsa dipulesiyeshoni, sizikufika pa nambala ya mu balansi shiti.

Bambo Chirwa (Salima): Sizingafike popanda mzere wa kusiyana kwa reti. Poyamba chaka pali 1,030, zogula zili pa reti ya tsiku lake, dipulesiyeshoni ili pa avereji, potha chaka pali 1,700. Onjezani mzere umodzi ku mtengo wogulira ndi wina ku dipulesiyeshoni younjikana. Si ndalama yatsopano, ndi gawo la K367,300,000 yomweyo lomwe lagwera pa malole ndi nyumba. Lipoti la kayendedwe ka ndalama nalonso limafuna mzere wake pansi, wa momwe reti yakhudzira ndalama zomwe zinali kubanki. Musalipange pochotsera mabalansi shiti awiri a mu kwacha, chifukwa kugwa kwa kwacha kudzaoneka ngati kampani yagula katundu wambiri pamene sinagule. Lipangeni mu madola kaye, kenako mulisandutse.

Mayi Banda (Nkhotakota): Zoona zokhazokha bambo Chirwa. A Mwale, zinthu zina ziwiri musanatseke. Muli ndi 80 peresenti, choncho K367,300,000 si yanu yonse. K293,840,000 ipita ku rizevu ya gulu, K73,460,000 ipita kwa eni masheya ena aja a 20 peresenti. Chachiwiri ndi gudiwilo, ngati munalipira moposa pogula kampaniyo. Ndime 47 imati gudiwilo ndi katundu wa kampani yakunjayo, imasungidwa mu ndalama yake ndi kusandutsidwa pa reti yotsekera chaka chilichonse. Ambiri amaisiya itauma mu kwacha ya tsiku logula. Ikanakhala ya madola 50,000, chaka chimenechi yokha ikanaonjezera K33,500,000 ku OCI, pamwamba pa nambala tapeza ija.

Mpamba wa masheya muusiye pa reti ya tsiku lomwe unalowa. Phindu losungidwa musalichulukitse ndi reti iliyonse: tengani la chaka chatha mu kwacha, onjezani phindu la chaka chino momwe mwalisandutsira, chotsani dividendi. Mukalichulukitsa ndi 1,700, rizevu isowa ndipo phindu losungidwa litupa ndi ndalama yomwe sinadutsepo mu lipoti la phindu. Vuto lake limadzaonekera pogulitsa kampaniyo, chifukwa tsiku limenelo rizevu yonse ya gulu younjikanayo imayenera kusamukira ku phindu, ndiye ngati simunaisunge padera mulibe poyambira.

Mwale (Salima): Gudiwilo palibe, tinaiyambitsa tokha pamodzi ndi anzathuwo. Koma pali ngongole. Kampani ya kuno inakongoza ya ku Nacala madola 100,000 mu 2021, mpaka pano sinabweze. M'mabuku a kuno yabala phindu la reti la K67,000,000 chaka chimenechi. Ndimaganiza kuti pophatikiza lifafanizika pamodzi ndi ngongoleyo.

Nachisale (Senga Bay): Ngongole ifafanizika, K170,000,000 mbali iyi ndi K170,000,000 mbali inayo. Koma K67,000,000 sifafanizika. Ku Nacala ngongoleyo ili mu ndalama yawo yomwe, ndiye kulibe kuluza kwa reti koti kukumane nayo mu lipoti la phindu. Imatsala mu phindu la gulu. Njira yokha yoti ipite ku OCI ndi ngati kubweza kwake sikunakonzedwe ndipo sikukuyembekezeka m'tsogolo muno, moti ngongoleyo yasanduka ngati gawo la mpamba womwe munaika m'kampanimo. Zikatero imasamukira ku OCI m'maakaunti a gulu okha, m'mabuku a kampani ya Salima payokha ikhalabe mu phindu.

Phiri (Dwangwa): Ndiye nkhani yatha. Kuyambira 2021 osabweza olo dola imodzi, imeneyo ndi mpamba basi. Ipite ku OCI.

Mayi Banda (Nkhotakota): Ine sindingathamange choncho achimwene. Kusabweza ndi kwina, kusakonza zobweza ndi kwina. Mgwirizano wa ngongoleyo ukunena chiyani, a Mwale?

Mwale (Salima): Uli ndi tsiku lobwezera, koma lakhala likusunthidwa. Mu maminitsi a bodi mulibe chilichonse chonena kuti sadzaifuna.

Mayi Banda (Nkhotakota): Ndiye mwa kuona kwanga ikhale mu phindu. Pepala likunena kuti idzabwezedwa, ndipo ndi kusowa kwa madola kuli kunoku n'zovuta kukhulupirira kuti bodi singadzaiitanitse.

Phiri (Dwangwa): Koma amayi, timauzidwa kuti tiyang'ane chenicheni cha nkhani osati pepala. Tsiku lomangosunthidwa chaka ndi chaka si tsiku. Ine ndikuona kuti pali poimira.

Nachisale (Senga Bay): Poimira palipo, koma pafunika umboni wa nthawi yomweyo, osati kalata yolembedwa lero yonena za 2023. Yang'anani bajeti za ku Nacala za nthawi imeneyo. Ngati munalibe mzere wobweza ngongoleyi, a Phiri ali ndi mfundo. Ngati unalimo, mfundo ya amayi Banda yaima. Chomwe sichiloledwa ndi kusankha chaka ndi chaka, phindu likabwera kulisunga mu lipoti la phindu, kuluza kukabwera kukubisa ku OCI.

Bambo Chirwa (Salima): Funso lina lomwe palibe walikhudza: 1,700 imeneyi ndi reti iti? Pali yogulira, yogulitsira ndi ya pakati. Ndipo tonse tikudziwa kuti kunja kwa banki dola inali pamtengo wina.

Mayi Banda (Nkhotakota): Pa zitatu zoyambazo, magulu ambiri amatenga ya pakati yomwe Reserve Bank imasindikiza. Chofunika ndi chakuti yotsegulira, avereji ndi yotsekera zichokere pa gwero limodzi ndi mtundu umodzi, chaka ndi chaka. Kutenga yogulitsira potseka ndi ya pakati pa avereji kumabala kusiyana kwabodza mu rizevu. A Mwale, 1,700 ndi nambala ya reti yogulitsira yomwe inalengezedwa, choncho onani ngati 1,030 ndi 1,070 nazo zili za mtundu womwewo.

Za mtengo wa kunja kwa banki, pa 2023 musaugwiritse ntchito. Kusintha kwa IAS 21 kokhudza ndalama yosasinthika mosavuta kunatuluka mu Ogasiti 2023 ndipo kunayamba kugwira pa zaka zoyamba pa 1 Januwale 2025. Kumafuna muyambe mwayesa ngati ndalamayo ikusinthika pa cholinga chomwe mukuyezera, ndipo ngati siikusinthika muyerekeze reti nokha ndi kufotokoza momwe mwaipezera.

Bambo Chirwa (Salima): Ndiye pa maakaunti a 2025 tidzakangana. Wogula katundu kunja amadikira madola kubanki nthawi yaitali. Ine ndikuona kuti kwacha siikusinthika.

Nachisale (Senga Bay): Koma nkhani ya a Mwale ikuyenda chobwerera, bambo. Dividendi ikuchoka ku Nacala mu madola kubwera kuno, ndipo kusintha dola kukhala kwacha banki iliyonse imachita tsiku lomwelo. Chovuta ndi kuchoka ku kwacha kupita ku dola. Funso ndi lakuti kuvuta kwa mbali imodziyo kukukhudza bwanji reti yosandutsira kampani yomwe ndalama zake zimabwera kuno. Limeneli a Mwale akambirane ndi maoditala awo chaka chisanathe, osadikira nthawi yotseka mabuku.

Mwale (Salima): Ndalemba zonse. Ndapempha tirayo balansi ya mwezi ndi mwezi ndi bajeti za 2023 kuchokera ku Nacala. Funso lomaliza kwa amayi Banda: popeza mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwanso ndi 25 peresenti, ndipo chaka chimenecho anagwiritsa ntchito avereji ya chiyambi ndi mapeto yomweyi, kodi ndibwerere ndikadule 2022 nayonso?

Mayi Banda (Nkhotakota): K515,000,000 yotsegulira sisintha, chifukwa ndi madola 500,000 pa reti yotsekera ya 2022. Chomwe chingasinthe ndi kagawidwe kake pakati pa phindu losungidwa ndi rizevu. Werengerani 2022 mwezi ndi mwezi papepala lapadera, muone kukula kwa kusiyanako, kenako mukuyerekeze ndi malire omwe maoditala aika pa gulu lanu. Mukapeza nambalayo muibweretse pano tiione pamodzi ndi bajeti zija.